Momwe mungawerengere chiwongoladzanja chobereka chinzake ndi ma anyuwiti

Wina akakuuzani kuti sankhani, K100,000 lero kapena K150,000 pakatha zaka zitatu, ambiri amathamangira yambiriyo. Koma ndalama ziwirizi simungaziyerekeze zili choncho chifukwa zili pa masiku osiyana. Ya lero mutha kuibwereketsa kapena kuchitira geni nkumabereka, komanso mitengo simaima malo amodzi, tonse tinaona zomwe zinachitika mmashopu kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye kosi yonse ya fainansi yoyambirira yagona pa lamulo limodzi ili: musanayerekeze kapena kuphatikiza ndalama, zibweretseni kaye pa tsiku limodzi.

Choyamba, phunzirani kupititsa ndalama kutsogolo. Tiyeni titenge K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka, nambala iyi ndangoisankha kuti masamu asavute. Chaka choyamba ikutha muli ndi K120,000. Chaka chachiwiri 20 peresenti ija siwerengedwanso pa K100,000 ayi, ikuwerengedwa pa K120,000 yonse, ndiye mukupeza K24,000 mmalo mwa K20,000, zonse pamodzi K144,000. Chachitatu chimodzimodzi, K172,800. Uku ndiye kubereka chinzake komwe mkalasi amati kompaundi, chiwongoladzanja cha chaka chatha chasanduka mpamba. Chikanakhala chiwongoladzanja wamba, cha K20,000 chaka chilichonse, mukanathera pa K160,000, ndiye K12,800 yapamwambayo ndi yomwe yaberekedwa ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Mmabuku zimalembedwa motere:

```
FV = PV × (1 + r)^n
```

PV ndi ndalama ya lero, FV ndi ya mtsogolo, r ndi chiwongoladzanja ndipo 20 peresenti mulembe 0.2, n ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe chawerengedwa. Apa 1.2 kuchulukitsa katatu ikupereka 1.728, nambala imeneyi isungeni tiigwiritsanso ntchito.

Chachiwiri, kubweza ndalama mmbuyo. Ngati popita kutsogolo timachulukitsa, pobwerera timagawa basi. K150,000 ya zaka zitatu zikubwerazo tikaigawa ndi 1.728 ikutipatsa K86,806, kutanthauza kuti kwa munthu amene atha kupeza 20 peresenti pachaka, lonjezo lija mtengo wake lero ndi K86,806, sikufika pa K100,000. Tengani ya lero. Koma muonetsetse, yankho ili ladalira r. Munthu amene ndalama yake ingapeze 10 peresenti yokha agawa ndi 1.331 ndipo apeza K112,697, kwa iyeyo kudikira ndi kwabwino. Ndichifukwa chake ine ndimakakamira kuti musanagwire kakyuleta mudzifunse kuti r yachokera kuti.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri amatayira malikisi, r ndi n ziziyendera nthawi yofanana. Funso likati 24 peresenti pachaka yowerengedwa mwezi ndi mwezi, r ndi 2 peresenti ndipo n ya chaka chimodzi ndi 12, osati 24 peresenti ndi 12 ayi. K100,000 ifika K126,824 osati K124,000, ndiye chiwongoladzanja chenicheni pachaka ndi pafupifupi 26.8 peresenti ngakhale papepala palembedwa 24. Nkhani iyi si ya mayeso okha. Ku banki mkhonde kapena kwa akatapila munthu amamva zoti 20 peresenti nkumaona ngati nzabwinobwino, osafunsa kuti pamwezi kapena pachaka, pomwe 20 peresenti pamwezi, ngati simukubweza kalikonse ndipo chiwongoladzanja akuchiphatikiza ku ngongole, K100,000 imafika K891,610 pakatha miyezi 12. Izi zimandiwawa chifukwa anthu amataya katundu wa mnyumba pa masamu omwe akanawaona pasadakhale.

Tsopano anyuwiti. Dzina lisakuopseni, ndi ndalama yofanana yolipidwa mobwerezabwereza pa nthawi zotalikirana mofanana, ngati lendi, penshoni kapena kubweza ngongole. Musanaloweze fomula, chitani kaye pamanja kamodzi. Jambulani mzere, lembani 0, 1, 2, 3, ndipo tinene kuti mukusunga K100,000 kumapeto kwa chaka chilichonse kwa zaka zitatu pa 20 peresenti yomwe ija. Yoyamba mwaika pa 1, ikhala zaka ziwiri, ifika K144,000. Yachiwiri ikhala chaka chimodzi, K120,000. Yachitatu mwaika tsiku lomaliza lenilenilo, sinabereke kanthu, K100,000. Zonse zili pa tsiku limodzi tsopano ndiye mutha kuphatikiza, K364,000. Fomula ikungofupikitsa ntchito yomweyi:

```
FV = C × ((1 + r)^n − 1) / r
```

C ndi ndalama yobwerezabwerezayo. 1.728 kuchotsa 1, kugawa ndi 0.2, ndi 3.64, kuchulukitsa ndi K100,000, yankho lomwe lija. Koma werengani funso bwinobwino, likanena kuti ndalama ikuikidwa kumayambiriro kwa chaka, ngati momwe lendi timalipilira mwezi ukamayamba, iliyonse yapeza chaka china choonjezera, ndiye chulukitsani yankho ndi 1.2 kamodzi, K436,800.

Mbali yomwe ndimaona kuti ndi yofunika kuposa zonse ndi kubweza anyuwiti ku lero, chifukwa ngongole ya kubanki imawerengedwa chonchi. Ma K100,000 atatu aja agaweni ndi 1.2, 1.44 ndi 1.728, mupeza K83,333, K69,444 ndi K57,870, pamodzi pafupifupi K210,648.

```
PV = C × (1 − (1 + r)^−n) / r
```

Tanthauzo lake ndi loti amene wakongola K210,648 lero pa 20 peresenti amaliza ngongole akalipira K100,000 pachaka katatu. Musangokhulupirira, yesani. Chaka choyamba chiwongoladzanja ndi K42,130, akalipira K100,000 ngongole yatsala K152,778. Chachiwiri chiwongoladzanja chatsika kufika K30,556 poti ngongole yachepa, yatsala K83,333. Chachitatu ikwera kufika K100,000 ndendende, walipira, yatha. Mwaonatu kuti poyambirira gawo la malipiro lopita ku chiwongoladzanja limakhala lalikulu kuposa kumapeto, nchifukwa chake anthu amadabwa kuti ndalipira nthawi yonseyi koma ngongole sikutsika. Chiwongoladzanja chonse apa ndi K89,352. Wobwereketsa wina akamawerengera 20 peresenti pa mpamba woyambirira zaka zonse zitatu osalabadira zomwe mwabweza kale, mulipira chiwongoladzanja cha K126,389, pomwe onse awiri akunena 20 peresenti, ndiye muzifunsa ngati akuwerengera pa ngongole yotsala.

Amene muli ndi Excel tsimikizirani motere:

```
=FV(0.2,3,-100000)
=PV(0.2,3,-100000)
=FV(0.2,3,-100000,0,1)
```

Mainasi ija ikusonyeza ndalama yotuluka mthumba mwanu, mukaisiya yankho lituluka la mainasi, ndipo 1 wakumapeto pa mzere wachitatu ndi wa malipiro a kumayambiriro.

Musanapereke pepala, onani ngati yankho likumveka. Malipiro onse pamodzi anali K300,000, ndiye PV iyenera kuchepera pamenepo ndipo FV iyenera kuposa. Mukapeza PV yoposa K300,000 ndiye kuti mwachulukitsa pofunika kugawa, ndipo yankho likafika mamiliyoni ambirimbiri, nthawi zambiri mwalemba 20 mmalo mwa 0.2 kapena mwasakaniza chiwongoladzanja cha pachaka ndi miyezi.