Thupi likakana kutsika: ndi chithokomiro, mahomoni kapena mankhwala?

Tikamayendera magulu a amayi pa nkhani za kadyedwe, sipalephera wina wodandaula kuti: “Alangizi, nsima ndinachepetsa, shuga m’tiyi ndinasiya, koma sikelo siyikusuntha.” Nthawi zambiri tikafunsitsa timapeza kuti mitanda ya nsima inachepadi, koma mandasi ndi zakumwa zotsekemera zikulowabe masana. Komabe alipo ena amene akunena zoona zenizeni, ndipo chowabweza m’mbuyo chili m’magazi mwawo kapena m’mankhwala amene akumwa.

Titenge chitsanzo cha mayi wa zaka 34 amene anabereka miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Akulemera makilogalamu 78, ndipo kwa miyezi itatu wakhala akudya mosamala ndi kuyenda ndawala m’mawa uliwonse, koma sikelo ikungoloza pomwepo. Zimenezi pazokha sizikutiuza zambiri. Chotidzidzimutsa n’chakuti mu Okutobala, anzake akufunafuna mthunzi, iye wavala juzi. Akudzuka ali wotopa ngakhale wagona usiku wonse, zikope zotupa. Khungu lauma mpaka kutuwa, tsitsi likutsalira m’chipeso, kuchimbudzi akupita patapita masiku atatu, ndipo mawu ayamba kusasa. Apongozi ake akuti ndi ulesi. Ife tikuti apite akayezetse chithokomiro.

Chithokomiro ndi kachiwalo kokhala kutsogolo kwa khosi, m’munsi mwa kholingo. Ambiri timangochidziwa chikatupa, koma aliyense ali nacho, ndipo chimatulutsa mahomoni amene amalamula liwiro limene thupi limawotchera chakudya. Chikafooka, moto wa m’thupi umazirala: mtima umagunda pang’onopang’ono, matumbo amachedwa, munthu amamva kuzizira. Chikhoza kufooka osatupa n’komwe, choncho musadalire kupapasa pakhosi. Vutoli limagwira akazi kuposa amuna, ndipo limakonda kuonekera m’chaka choyamba mayi atabereka ndiponso munthu akamakalamba. Kusowa kwa ayodini m’zakudya kumalibweretsanso, n’chifukwa chake timalimbikira za mchere wa m’paketi wothira ayodini.

Kuyeza kwake n’kwa magazi, ndipo papepala la zotsatira mudzaona zilembo TSH. Imeneyi ndi homoni yochokera m’munsi mwa ubongo imene imakalipira chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chikamagona, kukalipirako kumakula. Ndiye nambala ikakwera, ndiye kuti chithokomiro chatsika. Apa ambiri amasokonezeka. M’malabotale ambiri mulingo wabwino umakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0 mU/L. Tinene kuti mayi wathu uja apeza 18, ndipo T4, homoni ya chithokomiro chenichenicho, yatsika. Pamenepo palibe kukayika, adokotala amuyambitsa mapiritsi a levothayirokisini. Akanapeza 6, T4 ili bwinobwino, kawirikawiri akanamuuza kuti abwerenso pakapita miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa nambala yotere nthawi zina imabwerera yokha. Musayezetse muli chigonere ndi malungo kapena matenda ena aakulu, zotsatira zimasokonekera. Zipatala zing’onozing’ono zambiri siziyeza TSH. Zimatumiza ku chipatala chachikulu, choncho pemphani kalata.

Kamwedwe ka mapiritsiwa ndi pamene anthu amalakwitsa. Amamwedwa m’mamawa, m’mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, kenako n’kudikira theka la ola kapena ola lathunthu musanadye. Phala la soya ndi khofi zimatchinga mankhwalawa kulowa bwino m’magazi. Mapiritsi owonjezera magazi aja amapatsidwa kusikelo, komanso a kashiamu, atalikirane nawo ndi maola anayi. Pakatha masabata 6 mpaka 8 magazi amayezedwanso kuti mulingo ukonzedwe. Amene wadwala chithokomiro atangobereka nthawi zambiri amachira n’kusiya mankhwala, adokotala akaona kuti n’koyenera, koma ambiri amene chinafooka pa zifukwa zina amamwa moyo wonse. Akatenganso pakati auze achipatala msanga, poti mulingo umafunika kukwezedwa.

Apa ndinene mosapsatira, chifukwa ambiri amakhumudwa. Kulemera kumene chithokomiro chofooka chimawonjezera nthawi zambiri ndi makilogalamu awiri mpaka asanu, ndipo gawo lalikulu ndi madzi ndi mchere, osati mafuta. Mayi uja akhoza kutsika kufika pa 74 kapena 75, nkhope n’kuphwa, mphamvu n’kubwerera. Otsalawo adzachoka ndi mbale ndi miyendo, monga kwa wina aliyense. Ndipo amene chithokomiro chake chili bwino asayerekeze kubwereka mapiritsi a mnzake kuti aonde. Mtima umathamanga mosalongosoka, mafupa amafooka.

Mayi wina vuto lake lili m’thumba la mazira. Msambo umabwera patadutsa masiku oposa 35 kapena kudumpha miyezi, ndevu zimamera pachibwano, ziphuphu sizitha, kumbuyo kwa khosi kumada ngati litsiro losachoka ndi sopo, ndipo mimba imavuta kutenga. Achipatala amalemba PCOS. Thupi lake silimvera bwino insulini, homoni yowongolera shuga m’magazi, choncho mafuta amaunjikana pamimba. Wotereyu ayezetsenso shuga. Kutsika pang’ono chabe, makilogalamu anayi kapena asanu kwa munthu wa 80, kumatha kubwezeretsa msambo m’malo mwake.

Tsopano mankhwala. Puredinisoloni ndi dekisametazoni, amene amathandiza pa mphumu ndi nyamakazi, akamwedwa miyezi yambiri amanenepetsa mwa mtundu wakewake: nkhope imazungulira ngati mwezi, mafuta amadzaza pamimba ndi pamsana m’munsi mwa khosi, pamene manja ndi miyendo zikuonda. Pamimba pamatuluka mizere ikuluikulu yofiirira, khungu limavulala ndi kakugunda kochepa, ndipo kudzuka pamkeka kumavuta. Ena amamwa osadziwa, chifukwa mankhwala a mtunduwu amapezeka m’mafuta ena oyeretsa khungu ndi m’mapiritsi ena ogulitsidwa mwamseri. Ngati mwawamwa kupitirira masabata atatu, musasiye mwadzidzidzi. Thupi limakhala litaleka kupanga homoni yakeyake, ndipo munthu akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Adokotala amachepetsa pang’onopang’ono. Zizindikiro zomwezi zikaoneka kwa munthu wosamwa mankhwala otere, apite kuchipatala asanayambe n’komwe za kuchepetsa thupi.

Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena, osati onse. Amene wawonjezera makilogalamu atatu kapena anayi m’miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndiye amakonda kupitirira kunenepa, ndipo angachite bwino kukambirana ndi anamwino za njira ina monga lupu. Ma ARV a TLD, amene anayamba kuperekedwa kuno kwathu mu 2019, amawonjezeranso thupi mwa ena, makamaka akazi, ngakhale mbali ina kumakhala kubwerera kwa thupi limene matenda anadya. Insulini, ndi mankhwala ena a khunyu ndi a matenda a maganizo, amachitanso chimodzimodzi. Onsewa sasiyidwa chifukwa cha sikelo. Nenani kuchipatala, aone ngati pali choti n’kusintha.

Musanapite, konzekani. Dzikwezeni sikelo imodzimodziyo kamodzi pa sabata, m’mawa musanadye, ndipo yezani mchiuno ndi tepi ya atelala pamwamba pang’ono pa mchombo. Lembani m’kope. Ngati miyezi itatu yatha popanda kusintha ndipo pali zizindikiro zina mwa zimene tatchulazi, pitani. Koma khosi likatupa, kumeza kukamavuta, miyendo ikatupa n’kumabanika, kapena thupi likakwera makilogalamu angapo m’masiku ochepa, musadikire miyezi itatuyo. Tengani buku lanu la kuchipatala, kope lija, ndi mapaketi a chilichonse chimene mukumwa kapena kudzola, ngakhale cha azitsamba ndi chogula pamsika.