Chifuwa chikachepa pa mwezi wachiwiri, ndudu isabwerere m'kamwa

M'nyengo yozizira ino ndaona cholakwika chimodzi chikubwerezedwa ndi odwala chifuwa chachikulu amene ankasuta fodya asanadwale. Masabata oyambirira a mankhwala amausiya fodya popanda wowakakamiza, chifukwa pachifuwa pamakhala pakupweteka ndipo utsi umawatsamwa. Koma mwezi wachiwiri ukamatha, kutsokomola kutachepa, thukuta la usiku litasiya ndipo chakudya chitayamba kukoma, amayambiranso ndudu imodzi m'mawa ndi ina madzulo, n'kumadzitonthoza kuti malinga akumwa mankhwala mosadumphitsa palibe chimene chingawonongeke.

Mwezi wachiwiri ndi nthawi yoipitsitsa yoyambiranso kusuta. Pa miyezi iwiri yoyamba wodwala amamwa mitundu inayi ya mankhwala, yomwe ndi rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamidi ndi etambutolo, ndipo imeneyi imapha mwamsanga tizilombo tochuluka tomwe timakhala tikuswana. Ndicho chifukwa chake munthu amapeza bwino msanga. Pa miyezi inayi yotsatira amatsala ndi mitundu iwiri yokha, rifampisini ndi aisoniyazidi, yomwe ntchito yake ndi kumaliza tizilombo touma mutu tomwe timabisala m'zilonda za m'mapapo ndi kumaswana pang'onopang'ono. Ntchito yomalizayi mankhwala sayigwira okha, koma amadalira chitetezo cha m'thupi, ndipo chitetezo chimenechi n'chimene utsi wa fodya umafooketsa.

M'njira zimene mpweya umadutsa polowa m'mapapo muli timaubweya tating'ono kwambiri tomwe timagwedezeka usana ndi usiku, kukankhira kukhosi mamina, fumbi ndi tizilombo ngati tsache lotulutsa zinyalala pakhomo. Utsi wa fodya umatilefula timaubweyati, ndipo kwa munthu amene wasuta zaka zambiri tambiri timakhala titafa, kotero kuti zimene zinayenera kutuluka zimangokhala m'katimo. Pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba ta mpweya, muli maselo a chitetezo amene amameza tizilombo ndi kutipha. Maselowa akakhuta phula la mu utsi amameza mwaulesi, ndipo chikonga cha mu fodya chimachepetsa uthenga umene amatumiza poitana maselo anzawo kuti adzazinge kachilombo. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kali kale ndi luso lokhala ndi moyo m'kati mwa selo limene lakameza, ndiye selolo likafooka kamapeza malo abwino oswanirana.

Pa chifukwa chimenechi munthu wosuta ali ndi mpata pafupifupi wowirikiza kawiri wodwala chifuwa chachikulu poyerekeza ndi wosasuta, ndipo Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 amene amadwala nthendayi chaka chilichonse amadwala chifukwa cha fodya. Koma nkhawa yanga lero ili pa amene anayamba kale mankhwala. Mapapo a wosuta amakonda kubooka mphako, ndipo m'mphakomo tizilombo timachulukana kwambiri pamene mankhwala amafikamo movutikira. Zotsatira zake zimaonekera pa makhololo: pa kuyeza kwa kumapeto kwa mwezi wachiwiri, wosuta amapezeka kawirikawiri akadali ndi tizilombo pamene mnzake wosasuta amene anayamba naye tsiku limodzi alibe. Ngati tizilombo tikupezekabe pa mwezi wachisanu, achipatala amaona kuti mankhwala alephera, ndipo amayamba kufufuza ngati nthenda yasanduka yosamva mankhwala. Ngakhale amene wamaliza bwino miyezi isanu ndi umodzi, akapitiriza kusuta amakhala ndi mpata pafupifupi wowirikiza kawiri woti nthenda ibwerere.

Mlimi wina wachikulire, amene anayamba kusuta fodya wopichira yekha ali mnyamata, anandiyankha mwaulemu koma motsimikiza nditamupeza akuyatsa ndudu kuseri kwa nyumba yake ali pa mwezi wachitatu wa mankhwala. Anati, "Alangizi, bambo anga anasuta mpaka ukalamba ndipo sanagonepo m'chipatala. Komanso uyu ndi fodya wa m'munda mwanga, alibe mankhwala a kufakitale." Ndinati, "Bambo, mapapo anu sadziwa kumene fodyayo wachokera, amangolandira utsi." Mapiritsi ankamwa mokhulupirika, khadi lake linali lodzaza bwino, ndipo anamaliza. Chaka chisanathe anayambanso kutsokomola, koma iye ndi akazi ake anati ndi chifuwa cha fodya chimene anachizolowera, nangokhala. Anapita kukayezetsa ataona magazi m'makhololo, thupi litatha, khasu likumukanika, ndipo pamene ankayambiranso mankhwala mdzukulu wake wamng'ono amene ankagona m'nyumba yomweyo anali atayamba kuwonda ndi kutentha thupi.

Mawu akuti "chifuwa cha fodya" awa andifika pakhosi, chifukwa amachedwetsa anthu ambiri. Wosasuta akatsokomola masabata awiri amadabwa n'kupita kuchipatala, koma wosuta amakhala atatsokomola m'mawa uliwonse kwa zaka, ndiye amadikira mpaka nthenda itadya mbali yaikulu ya mapapo, ndipo nthawi yonseyo amakhala akufalitsa tizilombo m'nyumba. Ana a m'nyumbamo amapwetekeka pawiri, popeza akupuma tizilombo komanso utsi umene ukufooketsa mapapo awo omwe. Za bambo amene anasuta mpaka ukalamba ndamva kambirimbiri, koma sindinamvepo wina akutchula anzawo a bambowo amene anapita msanga. Zoti fodya wa kumunda ndi wabwinopo n'zabodza, chifukwa phula ndi chikonga zili mu tsamba lenilenilo, ndipo wopichira yekha alibe n'kasefa komwe. Kuchepetsa ndudu nakonso sikuchotsa vutolo, popeza munthu amene wazolowera chikonga akachepetsa ndudu amakoka utsi mwamphamvu ndi kuusunga nthawi yaitali pachifuwa.

Pali chinthu china chimene chimanamiza anthu osiya fodya. Pa masabata oyambirira ena amatsokomola kwambiri kuposa kale, n'kuganiza kuti kusiyako kwawapweteka. Chimene chimachitika n'chakuti timaubweya tija timayamba kudzuka ndi kutulutsa zimene zinaunjikana kwa nthawi yaitali. Kutsokomola kotere kumapita kukuchepa ndipo sikubwera ndi kuwonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku. Zizindikiro zimenezi zikabwerera, kapena magazi akaoneka, musadikire tsiku lolembedwa pa khadi, pitani kuchipatala.

Kwa amene mukuti tichite chiyani, zake n'zochepa. Ngati munasiya podwala, musayese ngakhale ndudu imodzi, chifukwa masiku ovutitsitsa munawadutsa kale muli chigonere. Ngati munayambiranso, sankhani tsiku sabata ino, mutaye fodya yense, ndipo muwauze achipatala zoona zake pokatenga mankhwala. Chibaba chimakula kwambiri sabata yoyamba n'kumachepa pa masabata awiri kapena anayi, ndipo chikabwera chimatha pa mphindi zochepa mukamwa madzi kapena kugwira ntchito ina. Mankhwala othandiza kusiya fodya alipo, koma musagule nokha, chifukwa rifampisini amachepetsa mphamvu ya ena mwa iwo. Makhololo akayezedwe pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, ana a m'nyumba akaonedwe, ndipo alendo osuta azikasutira kutali ndi khomo.