Mutu wopweteka mwachilendo kwa achikulire: funsani za nsagwada

Munthu wa zaka zopitirira 50 akayamba mutu womwe sanaumvepo, makamaka pambali pa chipumi, mufunseni: kodi khungu la kumutu limapweteka akamapesa? Nanga nsagwada zimalema akatafuna mphindi zingapo, n'kusiya akapuma? Nsagwadazo ndiye chizindikiro chachikulu, ngakhale ambiri amangoti ndi mano.

Akavomera, apite kuchipatala tsiku lomwelo, afotokoze zonsezi, ayezetse magazi a ESR ndi CRP, omwe amaonetsa ngati m'thupi muli kutupa. Ukhoza kukhala kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'mutu, komwe kumamana diso magazi. Diso likachita mdima ngakhale kwakanthawi, athamangire kuchipatala. Dokotala akakayikira matendawa amayambitsa mankhwala a prednisolone osadikira zotsatira zonse, chifukwa diso likafa silibwerera, ndipo linalo limatha kutsatira m'masiku ochepa.