Momwe mungamangire nkhokwe ya mafunso a mayeso yoti muzitapamo chaka ndi chaka

Nkhokwe ya mafunso ndi fayilo imodzi yomwe mphunzitsi amasungamo funso lililonse pamodzi ndi zizindikiro zitatu: mutu wake, mtundu wake ndi kuvuta kwake. Pano titenga chitsanzo cha phunziro la Chichewa ku sekondale, ndipo tigwiritsa ntchito Excel, ngakhale Google Sheets imagwiranso ntchito yomweyo.

Choyamba, musanalembe funso ngakhale limodzi, tengani silabasi ndi kulemba mndandanda wa mitu papepala lapadera la fayiloyo, monga mayina, aneni, afotokozi, miyambi, kumvetsa nkhani ndi chimangirizo. Lembaninso mitundu ya mafunso yochepa chabe: losankha yankho, la yankho lalifupi ndi lolemba nkhani. Mukatero, pitani pa Data, musankhe Data Validation, kenako List, kuti wolowetsa funso azingosankha pamndandandawo. Nkhokwe zambiri zimaonongekera pamenepa, chifukwa mphunzitsi mmodzi akalemba "mayina", wina "maina", winanso "magulu a mayina", kompyuta imaona mitu itatu yosiyana, ndipo pofufuza ndi Filter mafunso ena sadzaoneka.

Chachiwiri, funso lililonse likhale ndi mzere wakewake ndi nambala yomwe sidzasintha, monga CH2-014, kutanthauza Chichewa, Fomu 2, funso la nambala 14. Makolamu akhale motere: A nambala, B funso, C yankho, D mutu, E mtundu, F malikisi, G chiwerengero cha olemba, H chiwerengero cha okhoza, I gawo la okhoza, J kuvuta, K chaka chomwe funsolo linafunsidwa komaliza.

Chachitatu ndi kuvuta, ndipo apa mpofunika kudekha. Mphunzitsi sadziwa bwino kuvuta kwa funso lomwe walemba yekha, popeza yankho ali nalo kale m'mutu. Lembani ndithu zomwe mukuganiza poyamba, koma mukachonga mayeso, zotsatira za ophunzira ndizo zilowe m'malo mwake. Tiyerekeze kuti CH2-014 ndi funso loti, "Kodi dzina loti galu lili m'gulu liti la mayina?" Yankho ndi Mu-A, chifukwa timati galu, agalu. Mphunzitsi angaliyese lophweka, koma dzinali lilibe mphatikiram'mbuyo mu-, choncho ophunzira ambiri akhoza kusokonezeka. Ngati analemba ophunzira 60 ndipo anakhoza 15, gawo la okhoza ndi 0.25. Mu I2 ndi J2 lembani izi:

```
=H2/G2
=IF(I2>=0.7,"lophweka",IF(I2>=0.3,"lapakati","lovuta"))
```

Funso lathu lituluka kuti ndi lovuta. Malire a 0.3 ndi 0.7 si lamulo, koma mukawasankha musamawasinthesinthe, apo ayi zaka sizidzafananizika. Pafunso la malikisi ambiri, monga chimangirizo, gawani avereji ya kalasi ndi malikisi onse a funsolo: avereji ya 6 pa malikisi 10 ndi 0.6.

Nambala yotsika siitanthauza nthawi zonse kuti funso ndi lovuta. Mwina langolembedwa molakwika. Kuti musiyanitse, sanjani mapepala kuyambira wokhoza kwambiri, mutenge 16 apamwamba ndi 16 apansi, omwe ndi pafupifupi 27 pa 100 alionse a kalasi ya 60 mbali iliyonse. Ngati apamwamba 10 ndi apansi 1 akhoza funsolo, ndiye kuti ndi lovutadi koma labwino. Ngati apansi akhoza kuposa apamwamba, onaninso yankho lomwe munachongera, kapena muone ngati pali mayankho awiri omveka. Kumbukiraninso kuti 0.25 ija ndi ya Fomu 2. Funso lomwelo ku Fomu 4 likhoza kutuluka lophweka.

Chachinayi ndi kutapamo. Pokonza mayeso a teremu, sefani ndi Filter mutu, mtundu ndi kuvuta, kenako muyang'ane kolamu K. Ine ndimalangiza kuti funso lipume zaka ziwiri lisanabwerenso, chifukwa mapepala akale amayenda kuchoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono wake. Funso lomwe linali pa 0.25 likakwera mwadzidzidzi kufika pa 0.8, kaphunzitsidwe kasanasinthe, dziwani kuti ophunzira analiona kale. Mafunso otengedwa m'mapepala akale a MANEB aikidwe chizindikiro chawochawo, poti amenewo ophunzira amawapeza mosavuta.

Mukasintha mawu a funso, ngakhale pang'ono, lipatseni nambala yatsopano monga CH2-014b, popeza ziwerengero zakale ndi za funso lakalelo. Silabasi kapena mabuku a nkhani za mchezo ndi zolembedwa akasintha, musafafanize mafunso akale koma onjezani kolamu L yolembamo kuti "lopuma". Fayiloyo itsekedwe ndi pasiwedi, ndipo ina isungidwe pa fulashi yomwe siilowa mu kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi ophunzira.