Mafuta odzola atsopano muziyamba mwawayesa pamkono

Kusikelo ya ana kufupi ndi Ngabu, mayi wina anandikokera pambali n'kundionetsa khosi la mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Khosi lonse linali timatuza ting'onoting'ono, ndipo pamene mwanayo ankakanda panali patada bii. "Adokotala, mafutawa ndinagula odula, analembanso kuti ndi a khungu losachedwa kutupa," anatero akutulutsa botolo m'chikwama. Nditalitembenuza ndinapeza kuti mawu akuti Parfum ali pachinayi pa mndandanda wa zosakaniza.

Zolembedwa kumaso kwa botolo ndi zokopa ogula, choncho muziwerenga kumbuyo. Opanga amalemba zosakaniza poyambira chochuluka kwambiri kutsikira ku chochepa. Mukaona Parfum, Fragrance kapena Alcohol Denat. chakumayambiriro, mafutawo angathe kuyabwa khungu losalimba, chifukwa zonunkhiritsa ndi zina mwa zinthu zimene zimaputa khungu kawirikawiri. Glycerin, Petrolatum ndi Dimethicone nthawi zambiri sizivuta. Cetyl Alcohol asakuopseni ndi dzina lake, ameneyu ndi wofewetsa, saumitsa khungu. Botolo lopanda mndandanda, lopanda tsiku lothera ntchito, kapena mafuta opungulira m'timabotolo pamsika, asiyeni pomwepo.

Koma kuwerenga kokha sikukwanira, pakuti mafuta amene ayanja mlamu wanu akhoza kukuwengani inu. Ayeseni motere. Sambani, pukutani, kenako tengani mafuta ochepa ngati njere ya khobwe mupake mkati mwa mkono, popindikira chigongono, malo okula ngati chitsekero cha botolo la zakumwa. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, pamalo omwewo, kwa masiku 7 mpaka 10. Mkono winawo musaupake kanthu, ndi wofanizira. Masiku amenewa musasinthe sopo, kuopa kuti mungadzanamizire mafuta pamene wolakwa ndi sopoyo. Ambiri amayesa tsiku limodzi n'kunena kuti zili bwino, komatu kuwenga kwina kumaonekera pakapita masiku awiri kapena atatu, mwinanso kuposa apo.

Apa ndiye pamene ndimafuna mumvetsetse. Malangizo ambiri amati muone ngati khungu lafiira. Ife akhungu lakuda kufiirako sikuonekera bwino, ndiye munthu amapitiriza kudzola pamene khungu layamba kale kudandaula. Tulukani panja poyera, muike mikono iwiri pamodzi. Pamene munapakapo pangaoneke pakuda kuposa mnzake, kapena potuwa ngati phulusa. Tsinzinani musisite ndi chala: ngati pakumveka tokakala ngati mchenga, potentha, kapena potupa pang'ono, mafutawo sanakuyanjeni. Kuyabwa ndi kunyerenyetsa nakonso ndi yankho lokwanira. Sambitsani pamalopo ndi madzi ambiri ndipo musapakenso. Musaumirire poganiza kuti khungu lizolowera, chifukwa pakhungu lakuda malo amene anatupa amasiya banga lakuda lotha miyezi lisanazimirire.

Nyengo yathu kuno kuchigwa muziiwerengeranso. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapyola madigiri 40. Mafuta olemera amene amathandiza mu Juni, khungu likamachita mbuu ndi mphepo, nyengo yotentha amatseka timabowo ta thukuta n'kubweretsa timatuza m'khosi, kumsana ndi m'khwapa. Pamenepo mafutawo sakhala oipa, koma alemera. Olimbawo sungirani zidendene ndi zigongono, thupi lonse mudzole opepuka, ochepa, mutangosamba khungu lisanaumiretu. M'midzi imene mijigo yake imatulutsa madzi amchere khungu limakhala louma kale, ndipo silichedwa kumva kuwawa likakumana ndi mafuta onunkhira kwambiri.

Pali gulu lina limene kuyesa pamkono sikungaligwire: mafuta oyeretsa khungu. Amene muli Clobetasol kapena Betamethasone amaletsa kuyabwa, moti sabata yoyamba khungu limaoneka losalala. Pakapita miyezi limapyapyala, mitsempha imaonekera, ziphuphu ndi zipere zimabuka. Hydroquinone ukamudzola nthawi yaitali amasiya mabanga akuda bii m'masaya ovuta kuchotsa, ndipo dzuwa lathuli limawonjezera vutolo. Mukaona mayina amenewa, amenewo ndi mankhwala ofunika kulemberedwa kuchipatala, si odzola tsiku ndi tsiku, ndipo mwana musamupake n'komwe.

Mayi uja ndinawauza asiye botololo, azimusambitsa mwanayo ndi madzi ozizira, ndipo khosi alisiye osadzola kwa sabata. Atabweranso timatuza tinali titauma, kutatsala mabanga okha. Mafuta ena opanda fungo tinawayesa pamkono masiku khumi asanafike pakhosi. Zikanakhala kuti timatuzato tikutuluka madzi kapena mafinya, kapena mwanayo watupa milomo ndi zikope, sindikanadikira sabata, ndikanawatumiza kuchipatala tsiku lomwelo.