Solushoni ya malenzi ikakutherani: zoyenera kuchita, ndi chifukwa chake madzi a pampopi ndi malovu sizingalowe m'malo mwake

Anthu ovala malenzi oika m'maso achuluka mu Chipata muno. Ena amavala chifukwa saona bwino ndipo magalasi adawatopetsa, ena amagula aja amitundumitundu pokonzekera ukwati kapena kujambulitsa zithunzi. Vuto limadza botolo la solushoni, madzi a mankhwala otsukira ndi kusungiramo malenzi, likauma usiku, mashopu atatseka, kapena munthu akaliiwala kunyumba ali pa ulendo. Pamenepo maso amathamangira ku mpopi, ndipo ena amangoika lenzi pa lilime n'kulibwezera m'diso. Njira ziwirizi zingathe kuchititsa khungu diso lomwe linali labwinobwino, ndipo kuyesa kamodzi kokha n'kokwanira.

Chomwe chili m'madzi

Madzi abwino kumwa ndi ena, madzi oyenera kukhudza lenzi ndi enanso. M'madzi a pampopi, a pachitsime, a m'thanki ya padenga ndi a m'dramu lomwe timasungira madzi akasiya kutuluka, mumatha kukhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa akantamiba. Mukakamwa sikakuchitani kanthu. Koma zinthu zikakaipira kamadzitsekera m'chigoba cholimba, ndipo kali m'chigobamo klorini wothiridwa m'madzi akumwa sakapha. N'chifukwa chake madzi oyera mbee, onunkhira klorini, angakhalebe nako.

Lenzi lofewa lili ngati siponji: gawo lalikulu la thupi lake ndi madzi, ndipo limamwa chilichonse chomwe mwaliviikamo. Akantamiba amamatirira pa lenzilo, inu n'kumuika pa koniya, kachikopa koonekera kaja kamene kali kutsogolo kwa diso, n'kumufunditsa pamenepo tsiku lonse. Misozi, yomwe ikanamukokolola, imalephera kumufikira bwino pansi pa lenzi.

Madziwo amatsegulanso okha khomo. Misozi ili ndi mchere wofanana ndi magalamu 9 pa lita imodzi ya madzi, ndipo solushoni imapangidwa molingana ndi muyezo umenewu. Madzi a pampopi alibe mchere wotero, choncho lenzi limafufuma, limasintha maonekedwe, nthawi zina n'kukakamira pa diso. Polichotsa limasiya timikwingwirima pa koniya, ndipo m'timikwingwirima timeneti ndi momwe kachilombo kamalowera.

Ena amati, "Nanga ndikawiritsa madziwo n'kuthiramo mchere pang'ono?" Musatero. Simungayeze mchere molondola kukhitchini, ndipo madziwo akazizira m'kapu amakhala atadetsedwanso. Alibenso mankhwala opha tizilombo tomwe tili kale pa lenzi. M'zaka za m'ma 1980 ku Amereka, ambiri mwa amene adadwala matenda a akantamiba anali anthu odzipangira okha madzi amchere kunyumba. Madzi a m'botolo ogula nawonso adakonzedwa kuti amwedwe basi.

Za malovu sindichulutsa. M'kamwa mwa munthu wathanzi, wotsuka mano, mumakhala mitundu mazanamazana ya mabakiteriya. M'kamwa ndi kwawo, koma pa koniya yokandika amayambitsa chilonda. Lenzi likauma kapena likagwa pansi pa phwando, lichotseni kapena lisiyeni pomwepo, osalinyambita.

Usiku umene solushoni palibe

Tiyerekeze motere. Mayi wa ku Kapata wapita ku chinkhoswe ku Chadiza atavala malenzi a mwezi umodzi. Pofika madzulo, maso akuyabwa ndi fumbi la pamsewu, wapeza kuti kabokosi ka malenzi kali m'chikwama koma botolo lidatsala pa tebulo ku Chipata. Pakhomopo pali ndowa ya madzi a pachitsime. Achite chiyani?

Choyamba, asambe m'manja ndi sopo, kenaka apukute mpaka ziume gwa ndi kansalu koyera kosasiya ulusi. Kupukutaku anthu amakunyozera, chonsecho dontho lotsalira pa chala ndi madzi omwe aja tikuwathawa.

Chachiwiri, achotse malenzi. Asaganize zogona nawo poti alibe powaika. Diso lotseka usiku wonse pansi pa lenzi limasowa mpweya, ndipo ngozi ya chilonda imakwera kangapo.

Chachitatu, asankhe chochita nawo. Akanakhala a tsiku limodzi, nkhani ikanathera m'dzala. A mwezi umodzi amapweteka mtima kutaya chifukwa cha mtengo wake, komabe ine ndinganene kuti ataye. Lenzi lofewa likasiyidwa louma limakwinyika n'kuphwanyika, ndipo ngakhale litafewanso m'mphepete mwake mumatha kukhala mokanda. Njira ina yokha ndi yakuti pafupi papezeke famase yogulitsa salaini wotsekedwa bwino, madzi amchere opanda tizilombo aja a m'timabotolo togwiritsa ntchito kamodzi. Salaini angasunge lenzi kuti lisaume mpaka mawa. Koma dziwani kuti salaini sapha kachilombo kalikonse. Akafika kunyumba ayenera kutsuka malenziwo ndi kuwaviika mu solushoni yeniyeni maola onse olembedwa pa botolo asanawavalenso.

Chachinayi, avale magalasi. Aliyense wovala malenzi ayenera kuyenda ndi magalasi m'chikwama, chifukwa munthu amene saona popanda malenzi ndiye amakakamizika kuchita zoopsa.

Nanga ngati adawaviika kale m'madzi a m'ndowa muja? Awataye pamodzi ndi kabokosi kake. Solushoni zambiri zimapha bwino mabakiteriya, koma pa chigoba cha akantamiba mphamvu yake ndi yochepa, choncho kuviika usiku umodzi sikupereka chitsimikizo.

Kutsuka kwa tsiku ndi tsiku

Ngati mumagwiritsa ntchito solushoni ija yochita zonse, ikani lenzi pachikhatho chouma, dontheza madontho angapo, ndipo litikiteni mofatsa ndi chala kwa masekondi pafupifupi 20, mbali zonse ziwiri. Chitani zimenezi ngakhale botolo likunena kuti kutikita sikofunika, popeza kutikitako ndiko kumachotsa mafuta, fumbi ndi tizilombo tomatirira. Litsukuluzeni ndi solushoni ina, liikeni m'kabokosi, thirani yatsopano mpaka limire. Solushoni zambiri zimafuna maola 4 mpaka 6. Werengani pa botolo lanu.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya pofuna kusunga ndalama: kuthira yatsopano pamwamba pa yadzulo. Solushoni yomwe yagona ndi lenzi yatha mphamvu, ndipo ikasakanizidwa ndi yatsopano imafooketsa yonse. Kuisungunula ndi madzi kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi n'koipa koposa.

Kabokosi nako kamafuna chisamaliro chake, chifukwa tizilombo timamanga utoto woterera m'makona mwake. M'mawa mukavala malenzi, tayani solushoni yakale, tsukani kabokosiko ndi solushoni yatsopano, osati pampopi, kapukuteni ndi tishu woyera, ndipo kavundikireni pa tishu kali kotsegula kuti kaume. Musakasunge kubafa komwe madzi amathovukira. Pakatha miyezi 3 gulani kena. Botolo lotsegulidwa nalo lili ndi malire ake, kawirikawiri masiku 90, ndipo kamlomo kake kasakhudze chala kapena lenzi.

Palinso mtundu wina wa solushoni, wa haidrojeni perokosaidi wa 3 peresenti, womwe nthawi zambiri umakhala ndi kamlomo kofiira. Umenewu umapha tizilombo mwamphamvu, koma umagwira ntchito ndi kabokosi kake kapadera kokhala ndi kachitsulo pansi, kamene kamausandutsa madzi amchere pakatha maola osachepera 6. Ukalowa m'diso nthawiyo isanakwane umatentha kwambiri. Musauthire m'kabokosi wamba.

Lamulo la madzi silithera pa kusunga. Chotsani malenzi musanasambe, musanasambire, ndi musanasukusule kumaso. Amene amavala amitundu a ukwati adziwe kuti zonsezi zikuwakhudza chimodzimodzi, ndipo kubwerekana malenzi ndi mnzanu wa pa mzere wa operekeza mkwatibwi n'kupatsirana tizilombo.

Mudziwa bwanji kuti zavuta

Diso likafiira, likamawawa, likamatuluka misozi yambiri, likamaopa kuwala mpaka kulephera kuyang'ana panja masana, kapena mukamaona mwachimbuuzi, chotsani lenzi nthawi yomweyo. Ngati patapita maola ochepa silikusintha, kapena mwaona kadontho koyera pa koniya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Bakiteriya wotchedwa sudomonasi, yemwe amakonda malo achinyontho ngati kabokosi kosauma, angawononge koniya m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi mafinya.

Akantamiba amayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amanyenga. Amayamba ngati kachitsotso kosatuluka, n'kumakula kwa milungu ingapo. Chizindikiro chake chodziwika ndi ululu woposa mmene diso likuonekera: anthu akuti langofiira pang'ono, mwini wake akulephera kugona. Pachiyambi amafanana ndi matenda ena a koniya, choncho wa zamaso amadalira zomwe inu mumuuze. Nenani poyera kuti, "Adokotala, ndimavala malenzi, ndipo tsiku lakuti adakhudza madzi." Musachite manyazi. Tengani malenziwo, kabokosi ndi botolo, chifukwa zingathandize popima.

Pitani komwe kuli anthu a zamaso enieni, monga ku chipatala chachikulu cha Chipata, ku Mwami, kapena ku Katete kwa amene ali mbali imeneyo. Musayambe ndi kugula mankhwala odontheza m'maso mwachisawawa. Ena mwa iwo ali ndi siteroidi, yomwe imachepetsa kufiira kwa masiku ochepa pamene kachilombo kakulowerera mkati. Musathiremonso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba ofinya.

Chithandizo cha akantamiba ndi chowawa komanso chachitali. Masiku oyamba wodwala amadontheza mankhwala monga klorohekisidini wokonzedwera maso ola lililonse, usana ndi usiku, kenaka amapitiriza kwa miyezi ingapo. Akapezeka msanga ambiri amachira n'kuonanso bwino. Akachedwa, koniya imatsala ndi chipsera choyera chomwe magalasi sangachikonze, ndipo chotsala chimakhala opaleshoni yoika koniya ina, yomwe sichitika m'zipatala zambiri. Musavalenso lenzi m'diso lodwalalo mpaka wa zamaso atakulolani, ndipo mukadzayambanso, yambani ndi malenzi atsopano, kabokosi katsopano ndi botolo losatsegula.