Dzino likatupitsa nkhama, musathamangire makapisozi

Anzanga a ku Thyolo kuno, dzino likamapweteka usiku ndipo pa nkhama patuluka kachithupsa ka mafinya, musawononge ndalama pa amoxicillin wa pa golosale. Pitani kwa dokotala wa mano, kaya ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo.

Mtsempha wa m'kati mwa dzino lobowoka ukafa, magazi safikamonso, choncho mankhwala amene mwamwa sangalowe komwe tizilombo tabisala. Ululu utha kuchepa kwa masiku, koma umabweranso. Chothandiza n'kuboola chithupsacho kuti mafinya atuluke, kenako kuchotsa dzinolo kapena kulitsuka m'kati mpaka ku mizu. Zikachitika izi, nthawi zambiri maantibayotiki safunika n'komwe. Podikira, panado amachepetsa ululu, ndipo muzichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere.

Koma thupi likatentha, tsaya likatupa kulowera ku diso kapena kunsi kwa chibwano, kukamwa kukamakanika kutsegula, apo maantibayotiki ndi ofunika, pamodzi ndi kutulutsa mafinya. A matenda a shuga, musachedwe ndipo muwauze adokotala. Mukamavutika kumeza kapena kupuma, pitani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.